Gawo la Wam'mimba: Kodi Mwana Wosiyidwa Asanabadwe Ali Ndi Mbali pa Chuma cha Bambo Ake?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Yakwananso nthawi yoti tikambirane za malamulo okhudza mabanja athu. Maliro akatha, pamene abale akhala pansi kuti akambe za katundu wa malemu, pamakhala kuwerenga mitu: mayi wamasiye, ana, mwinanso makolo. Lero tikufunsa za munthu amene sakhala nawo pa mphasa imeneyo chifukwa adakali m'mimba mwa mayi ake. Kodi iyeyu amawerengedwa? Mu situdiyo muno ndili ndi mayi omwe ndi loya ndipo amagwira nkhani za chuma cha masiye. Takulandirani, mayi.

LOYA: Zikomo kwambiri, bambo. Ndikupereka moni kwa omvera onse.

MUULUTSI: Tisazungulire. Bambo amwalira, mkazi wawo ali ndi pathupi. Mwanayo akabadwa, alandira kanthu?

LOYA: Alandira. Lamulo la chuma cha masiye lomwe Nyumba ya Malamulo ya dziko lino idakhazikitsa mu 2011, lija lidalowa m'malo mwa la 1967, limafotokoza lokha kuti mwana wa malemu ndi ndani. Limatchula mwana wobereka mosayang'ana kuti anabadwa m'banja kapena kunja kwa banja, limatchula mwana wolera amene khoti lidavomereza, ndipo limatchulanso mwana wosabadwa amene ali m'mimba mwa mayi ake. Choncho pamene lamulolo likunena kuti chuma chipite kwa mkazi ndi ana, wam'mimbayo ali kale m'gulumo.

MUULUTSI: Koma mayi, kwathu kuno pathupi sitipatchula dzina, ndipo ngakhale zovala za khanda ena sagula mwana asanaoneke. Akuluakulu anganene kuti lamulo likugawira munthu amene kulibe.

LOYA: Nkhawa imeneyo akatswiri a malamulo adalimbana nayo kalekale. Mfundo yoyambirira ya cholowa ndi yakuti wolandira akhale alipo pa tsiku limene mwini chuma wamwalira. Mukaitsata mfundoyi mouma khosi, mwana wobadwa Lolemba bambo n'kumwalira Lachiwiri alandira, pamene mnzake wobadwa Lachitatu atuluka chimanjamanja, chonsecho magazi ndi amodzi. Aroma akale adaona kuti apa palibe chilungamo. Iwo adati mwana wam'mimba azitengedwa ngati wobadwa kale pa nkhani iliyonse yomupindulira. Mfundo imeneyi idafalikira. Ili m'malamulo a ku Falansa ndi a ku Jeremani, ndipo makhoti a ku Mangalande, kumene tidatengerako malamulo athu ambiri, amaitsata. Komatu siyigawa chuma mwachisawawa. Ili ndi zipata zitatu zomwe mwanayo ayenera kudutsa. Pathupipo pakhale pataima bambo asanamwalire. Mwanayo abadwe wamoyo. Ndipo akhaledi mwana wa malemuyo.

MUULUTSI: Tizitenge chimodzichimodzi, koma tikhale ndi banja loti omvera azilitsata m'maganizo.

LOYA: Tiyerekeze chonchi. Bambo wina wogulitsa mbatatesi amwalira pa ngozi ya galimoto pa 10 Malichi, osasiya wilo. Makolo ake adamwalira kale. Asiya mkazi ndi ana awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 7. Mkaziyo ali ndi pathupi pa miyezi itatu, ndipo akudziwa ndi iye yekha ndi mlamu wake wamkazi. Akachotsa za maliro ndi ngongole, ndalama zotsala ku banki ndi zogulitsa galimoto yaing'ono zikukwana K12,000,000.

MUULUTSI: Chipata choyamba: tidziwa bwanji kuti pathupipo padaima mwamunayo ali moyo?

LOYA: Timawerenga masiku kubwerera m'mbuyo. Pathupi pa munthu pamatenga masiku pafupifupi 280, ndiye kuti masabata 40, kuwerengera pa tsiku loyamba la msambo womaliza. Ana ena amachedwerapo sabata imodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake Aroma adaika malire a miyezi khumi, ndipo lamulo la ku Falansa limawerenga masiku 300. Tikabwereka muyeso wa masiku 300 umenewu pa banja lathuli, kuchokera pa 10 Malichi tikufika pa 4 Januwale chaka chotsatira. Mayi wathuyu, poti ali kale ndi miyezi itatu, achira cha mu Sepitembala, ndiye palibe wotsutsa. Mkangano umabuka pamene pathupi padali pa sabata ziwiri zokha, mayi mwini wake asakudziwa, mwana n'kudzabadwa mu Disembala. Pamenepo m'mudzi mumayamba manong'onong'o.

MUULUTSI: Nanga mayi wotere adziteteza bwanji?

LOYA: Apite kusikelo msanga, akangodzikayikira. Buku la kusikelo limalembedwa tsiku la msambo womaliza ndi tsiku loyembekezera kuchira. Ngati chipatalacho chili ndi makina ounikira m'mimba, aunikitse pathupi padakali pang'ono, chifukwa m'miyezi itatu yoyambirira makinawo amayeza msinkhu wa pathupi molondola kwambiri, kuphonya kwake sikupitirira pafupifupi sabata. Akaunikitsa kumapeto, kuphonyako kumatha kufika sabata zitatu, ndipo sabata zitatu zimenezo n'zokwanira kuti munthu wadyera akangamirepo.

Palinso china chomwe ndiyenera kunena poyera. M'madera ena mudakali mwambo wa kulowa kufa, ndipo kwina mlamu amalowa chokolo maliro asanazizire. Kukakamiza mayi wamasiye kugonana ndi munthu m'dzina la mwambo malamulo a dziko lino amaletsa. Koma kuwonjezera pa nkhanza ndi matenda, mwambowu umasokoneza ufulu wa mwana wam'mimba. Mayi akagona ndi mwamuna wina patangopita sabata imodzi, omwe adamukakamiza aja ndi omwenso adzaimirire n'kunena kuti mwanayu si wa m'bale wathu.

MUULUTSI: Omvera athu achisilamu ali ndi nthawi yodikira ija.

LOYA: Eya, ida. Mayi wamasiye amadikira miyezi inayi ndi masiku khumi asanakwatiwenso, ndipo ngati ali woyembekezera amadikira mpaka atachira. Phindu limodzi la kudikirako ndi lomweli, kuti pasakhale chikayiko cha mwini pathupi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mwana amene bambo ake amwalira iye adakali m'mimba. Mayi, tibwerere ku K12,000,000 ija. Abale akufuna kugawa mu Epulo, mwana abadwa mu Sepitembala. Tichita bwanji?

LOYA: Ndiyambe ndi momwe lamulo lathu limagawira munthu akamwalira wopanda wilo. Gawo 17 la lamulo la 2011 siliika magawo okhazikika monga theka kapena limodzi mwa magawo atatu. Limati choyamba mkazi, ana ndi ena amene amadalira malemu atetezedwe kuti asavutike. Ziwiya ndi katundu wa m'nyumba zimatsala ndi mayi wamasiye. Zotsalazo zimagawidwa, ndipo popanda chifukwa chapadera mkazi ndi ana amalandira mofanana, osasiyanitsa mnyamata ndi mtsikana. Koma limawonjezera kuti pakati pa ana, wamng'ono ayenera kupatsidwa zochulukirapo kuposa wamkulu, pokhapokha ubwino wa anawo utafuna zina.

MUULUTSI: Ndiye kuti wam'mimbayo, amene ena akumuiwala, ndiye angathe kulandira zambiri?

LOYA: N'kutheka ndithu, chifukwa iye ulendo wake wonse uli patsogolo: phala, katemera, sukulu kuyambira kumkaka. Koma kuti masamu atipepukire pa wailesi pano, tiyeni tigawe mofanana. Abale akanyalanyaza pathupipo, mitu ndi itatu, aliyense K4,000,000. Akawerenga mwana mmodzi, mitu ndi inayi, aliyense K3,000,000. Nanga akabadwa mapasa? Mitu ndi isanu, aliyense K2,400,000.

MUULUTSI: Apa ndiye pavuta, poti chakudza sichiyimba ng'oma.

LOYA: Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kudikira, osagawa kanthu mpaka mayi atachira, kungotulutsa ndalama za chakudya, fizi ya ana ndi zakuchipatala, zonse zikulembedwa. Miyezi isanu ndi umodzi si yambiri, ndipo nthawi zambiri mapepala a chuma cha masiye amatenga nthawi yotero kale. Yachiwiri ndiyo kupatsa aliyense gawo lochepetsetsa limene angayenere, zotsalazo n'kusunga. Pa banja lathuli, mayi ndi ana awiri aja alandira K2,400,000 aliyense, zonse pamodzi K7,200,000. K4,800,000 isungidwa ku banki.

Tsopano Sepitembala wafika. Akabadwa mapasa, aliyense atenga K2,400,000, nkhani yatha. Akabadwa mmodzi, atenga K3,000,000, ndipo K1,800,000 yotsalayo igawidwa kwa atatu aja, aliyense K600,000, onse n'kufika pa K3,000,000. Mwatsoka pathupi pakapita padera, K4,800,000 yonse ibwerera kwa atatuwo, aliyense K1,600,000, n'kufika pa K4,000,000 ija. Taonani kuti m'njira zonsezi palibe amene akuuzidwa kuti abweze. Kuwonjezera munthu n'kosavuta. Kulanda ndalama imene yagulidwa kale malata n'kumene kumathetsa chibale.

MUULUTSI: Nzeru yosunga gawoyi ndi yanu kapena idachokera kwina?

LOYA: Ndi yakale zedi. Katswiri wa malamulo wachiroma dzina lake Paulo adalemba kuti makolo awo ankasungira wam'mimba magawo atatu, kuopa kuti angabadwe ana atatu, moti mwana wobadwa kale ankayamba walandira limodzi lokha mwa magawo anayi. Mashehe a malamulo achisilamu nawonso adaikambirana kwambiri nkhaniyi. Otsatira Imamu Maliki amati kugawa kuime mpaka mwana abadwe. Otsatira Imamu Abu Hanifa amasunga gawo la mwana mmodzi, la mnyamata kapena la mtsikana, lomwe lakula pa awiriwo. Otsatira Imamu Ahmad bin Hanbali amasunga la ana awiri. Masiku ano makina ounikira amatiuza msanga ngati ali mapasa, ndiye kusungako kumatha kukhala kolunjika.

MUULUTSI: Tifike pa chipata chachiwiri, kubadwa wamoyo. Nkhani yake ndi yowawa, koma omvera ayenera kuimva.

LOYA: Ndi yowawadi. Ufulu wa wam'mimba uli ngati mbewu yosungidwa m'nkhokwe, umadikira tsiku lobadwa. Mwana akabadwa atafa kale, malamulo amatenga ngati gawo lake silidachoke m'chuma cha bambo. Koma akabadwa wamoyo, n'kupuma, n'kulira, ngakhale atangokhala ola limodzi, walandira. Gawolo lasanduka chuma chake, ndipo akamwalira limapita kwa olowa a iyeyo, amene patsogolo pawo pali mayi ake. Nawonso malamulo achisilamu amatenga kulira kwa khanda pobadwa ngati chizindikiro cha moyo chomupatsa cholowa.

Mbiri ili ndi chitsanzo chodziwika. Mu Juni 1316 mfumu ya ku Falansa, Luwi wa Khumi, idamwalira mkazi wake ali woyembekezera. Mpando udadikira miyezi isanu, mng'ono wa mfumuyo akungogwirizira. Mu Novembala kudabadwa mwana wamwamuna, Yohane, yemwe adakhala ndi moyo masiku asanu okha. Mpaka lero amawerengedwa pa mndandanda wa mafumu a dzikolo ngati Yohane Woyamba.

MUULUTSI: Pa banja lathu lija, kusiyana kwake n'kotani?

LOYA: Mwana akabadwa atafa, ana awiri aja alandira K4,000,000 aliyense. Akabadwa wamoyo n'kumwalira m'chikuta, iwo atsala pa K3,000,000, ndipo K3,000,000 ya khandalo itsata njira yake. Pamene mayi ali mmodzi, ndalamayo ili m'nyumba yomweyo, mkangano suchuluka. Koma taganizani banja la mitala, kapena pamene woyembekezerayo ndi mkazi wina wakunja. Pamenepo mpweya umodzi wa khanda ukusamutsa K3,000,000 kuchoka khomo lina kupita khomo lina. N'chifukwa chake kuchirira kuchipatala kuli ndi phindu linanso: azamba amalemba ngati mwana wabadwa wamoyo kapena ayi, ndi nthawi yake. Zikachitikira kunyumba, umboni umatsalira pakamwa pa amayi awiri kapena atatu amene analipo, ndipo mwambo wathu suwalola kukamba zambiri za imfa ya khanda.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

MUULUTSI: Mwatchula mkazi wakunja. Zimachitikatu pamaliro, mtsikana kutulukira ndi azakhali ake n'kunena kuti malemu andisiya ndi pathupi. Ena amamuthamangitsa.

LOYA: Ichi ndicho chipata chachitatu. Tisiyanitse anthu awiri apa. Mtsikanayo, ngati sadali mkazi wa malemu mwa mtundu uliwonse wa ukwati umene malamulo amavomereza, salandira ngati mkazi. Koma mwanayo mlandu alibe. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa malamulo mosayang'ana momwe adabadwira. Chosiyana ndi umboni basi. Mwana wa mkazi wapanyumba malamulo amayamba amutenga kuti ndi wa mwamunayo, ndipo wotsutsa ndiye abweretse umboni. Kwa wakunja, mayi ake ndiye ayenera kusonyeza. Umboni wake ungakhale mauthenga a pafoni, ndalama zimene malemu ankatumiza, dzina lake m'buku la kusikelo ngati adamuperekezako, kapena ankhoswe ngati nkhani ya pathupi idakatulidwa kwawo kwa mwamuna. Zikakanika, khoti lili ndi mphamvu yogamula za bambo wa mwana, ndipo mwana akabadwa magazi ake angathe kuyezedwa pofananiza ndi a makolo kapena abale a malemu, ngakhale kuyezako kumadula.

MUULUTSI: Ndiye abale asamuthamangitse, komanso asamupatse pompo?

LOYA: Ndi momwemo. Asunge gawolo mpaka zitadziwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

MUULUTSI: Nanga bambo atasiya wilo yotchula ana awiri okha mayina, poti ankalemba pathupi pasanaime?

LOYA: Wilo ikanena kuti ana anga onse, wam'mimbayo walowa. Ikatchula mayina awiri okha, mpamene pali ntchito. Lamulo la 2011 limalola mkazi kapena mwana amene sadaganiziridwe mokwanira mu wilo kukadandaula ku khoti, ndipo khoti lingathe kulamula kuti apatsidwe zomuthandiza kuchokera m'chumacho. Mayi ndiye angamuyankhulire khandalo, ndipo asazengereze. Kwa abambo amene mukulemba wilo, mukatha kutchula mayina onjezerani mawu akuti ndi mwana wanga wina aliyense amene adzabadwe, kuphatikizapo amene angakhale m'mimba pa tsiku la imfa yanga. Mzere umodzi umenewo umapulumutsa banja ku maulendo a kukhoti.

MUULUTSI: Kodi zonse mwanenazi zikukhudzanso munda wa makolo?

LOYA: Ayi, pamenepo pali malire. Malo a makolo amatsata mwambo wa dera lawo. Kuchikamwini munda ndi wa mbumba ya kuchikazi, ndiye mwanayo malo ake ali kwa mayi ake ndi atsibweni ake kale. Zimene takambazi ndi za chuma cha malemu mwini: ndalama, galimoto, ziweto, katundu wa bizinesi, nyumba ya pa puloti. Ndalama za penshoni nazo zili ndi lamulo lawo ndipo zimayang'ana fomu imene malemu adalembapo olandira, choncho mayi adziwitse kuntchito kwa malemu msanga kuti kukubwera mwana wina.

MUULUTSI: Tsopano mayi woyembekezera amene akutimvera ali pa mphasa ya maliro, achite chiyani, motsatana?

LOYA: Choyamba, aulule. Ndikudziwa kuti pathupi pang'ono sitilengeza, koma apa chinsinsi chimamudyera mwana. Auze ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amfumu, lisanafike tsiku lokamba za katundu. Kenaka, polemba mndandanda wa olandira ku ofesi ya bwanamkubwa, ku khoti kapena ku ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, aonetsetse kuti palembedwa mwana woyembekezeka ndi mwezi wake, ataonetsa buku la kusikelo. Fomu ikapita ndi mayina atatu, cheke chimatulukanso cha anthu atatu. Mwana akabadwa, amulembetse ndi kutenga chiphaso chobadwira chokhala ndi dzina la bambo ake, n'kukachipereka kumene kuli fayilo. Gawo la mwanayo lisungidwe m'dzina lake. Amene akulisunga, kaya ndi mayi kaya wina, ndi kapitawo chabe, ndipo azitha kuonetsa momwe ndalamayo ikugwirira ntchito pa mwanayo.

MUULUTSI: Nanga ngati adagawana kale, mwana n'kubadwa pambuyo?

LOYA: Ufulu wake sudafe. Mayi angathe kukasuma m'malo mwa mwanayo kuti kugawako kukonzedwe, ndipo amene adapatsidwa udindo woyendetsa chumacho n'kugawa akudziwa za pathupi ayenera kuyankhapo. Alamu amene angotenga katundu popanda chilolezo adziwe kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, chilango chake chimafika K1,000,000 ndi zaka 10 m'ndende. Komabe ndinene zoona, kulondola ndalama yodyedwa n'kovuta. Ntchito yeniyeni ili pa tsiku loyamba lija, pamene mwini mbumba akuwerenga mitu.

MUULUTSI: Mwamva, omvera. Pa banja lathu lija, ooneka ndi maso anali atatu, koma owerengedwa ndi anayi, ndipo wochenjera amasungiratu za asanu. Inu atsibweni, ankhoswe ndi mafumu amene mumatsogolera zokambirana za pambuyo pa maliro, musanafunse kuti malemu asiya chiyani, tumani amayi aakulu akamufunse wamasiyeyo kumbali ngati malemu asiya wina panjira.





(NYIMBO YOTSEKERA)